Wailesi ya agogo ikakhala chete: mafunso ndi mayankho kwa olemba nthano zazifupi

Alembi achinyamata ambiri amayesa nthano iyi: agogo aamuna ali ndi wailesi yakale, tsiku lina ileka kulankhula, ndipo mdzukulu wawo aikonza mofatsa mpaka iyambirenso. Mutuwu ndi wabwino, koma nthano zambiri zimagwera malo amodzi. Mwana atsegula kumbuyo, agwira waya, wailesi niyamba kuimba. Wowerenga amene anakhalapo ndi wailesi m'nyumba sakhulupirira zimenezo. Ndasonkhanitsa pano mafunso amene alembi amafunsa kawirikawiri, ndipo poyankha ndigwiritsa ntchito nthano yanga ya aChisale a ku Dedza ndi mdzukulu wawo Tadala, mtsikana wa Fomu 2.

Kodi mlembi akufunikiradi kudziwa kukonza wailesi? Si nthano ya chikondi cha agogo ndi mdzukulu basi?

Ndi ya chikondi, inde, koma chikondicho wowerenga achionera pa zimene manja a mwanayo akuchita. Mukalemba kuti "Tadala anali mwana wodekha", mwangotiuza. Mukationetsa akuika timasikuluwu pa mbale ya chitsulo motsatana ndi mmene watichotsera, kuti pobwezera asasokoneze, taona tokha kudekhako ndipo simufunikanso kukutchula.

Simukusowa kukhala katswiri. Chofunika n'kudziwa ndondomeko imene wokonza weniweni amatsata, chifukwa ndondomeko imeneyo ndiyo imapereka msana wa nthano yonse. Wokonza amayamba ndi chosavuta, nalowa m'kati pang'onopang'ono, ndipo pa sitepe iliyonse amapeza yankho limene limamuuza kopita. Nthano nayo imayenda chimodzimodzi.

Wailesi ya agogoyo ikhale yotani, ndipo anaipeza kuti?

Apa werengerani zaka. Wailesi yoyamba kufala m'midzi ya kuno inali Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, imene kampani ya Ever Ready inayamba kupanga mu 1949 kuti anthu azimvera siteshoni ya ku Lusaka, yomwe inkaulutsanso m'Chinyanja. Ndi wailesi yokoma kuitchula, koma amene anaigula ali mnyamata akadakhala ndi zaka pafupifupi 100 lero. Komanso inali ya mavavu, yofuna batire lalikulu lapadera lomwe simungalipeze pa golosale. Ngati nthano yanu ikuchitika masiku ano, mwana wa sukulu sangaidzutse ndi mabatire a tochi.

Kwa agogo a zaka za m'ma 60 kapena 70, zoyenera ndi mawailesi a matransista. Alipo a Nzeru amene ankalumikizidwa ku Blantyre, a Supersonic ochokera ku Bulawayo, ndi ena amene amuna ankabwera nawo pochokera ku migodi ya ku Joni. MBC inayamba mu 1964, choncho munthu wa msinkhu umenewu wakula ndi mawu ake m'makutu.

AChisale a m'nthano yanga anagula yawo ku Joni m'zaka za m'ma 1980, atapita pa Teba. Imadya mabatire anayi aakulu a tochi, ndipo pagalasi pake palembedwa FM, MW ndi SW. Zilembo zitatuzi ndinazisankha dala. Masiteshoni ambiri amene anthu amamvera lero ali pa FM, ndiye mukapatsa agogo wailesi ya MW ndi SW yokha, musalembe kuti itakonzedwa inakoka siteshoni ya m'boma lawo. Yotereyo ikhoza kukhala yamoyo bwinobwino koma masana n'kumangosokosera, n'kudzagwira mawu akutali usiku, pakuti mafunde a MW amafika patali dzuwa likalowa.

Mukuti wailesi "yakhala chete". Kodi kukhala chete kuli mitundumitundu?

Kuli mitundu, ndipo mlembi asankhe umodzi asanalembe chiganizo choyamba. Pali wailesi imene mukaiyatsa simumva kanthu m'pang'ono pomwe, ngakhale kaphokoso kaja kamene sipika imachita moto ukangolowa. Imeneyo vuto lake limakhala pa njira ya moto, kutanthauza mabatire, masipuling'i, swichi ndi mawaya ake, kapena pa njira yopita ku sipika. Pali ina imene imasokosera kuti shiii koma siteshoni osagwira. Imeneyo moto ukufika ndipo sipika ili bwino, vuto lili kumbali yokoka mafunde: eriyo yothyoka, swichi yosinthira FM ndi MW yodetsedwa, kapena ulusi woyendetsa muvi woduka, moti mupotokola koma m'kati simukuyenda kanthu. Palinso ina yolankhula motsitsa ndi mosasa mawu, kapena yothetheka mukamakweza voliyumu.

Kwa nthano yaifupi, ine ndimakonda chete woyambayo. Ndi amene mwana angamugonjetse ndi zida za pakhomo, ndiponso ndi amene amamveka kwambiri m'nyumba ya munthu wokalamba. Kwa aChisale, wailesi ndiyo inkawauza nthawi, mitengo ya mbewu ndi mauthenga achisoni. Italeka, anamva za maliro a mnzawo wa ku mgodi patapita sabata ziwiri, mwambo wonse utatha. Chiganizo chimenecho chokha n'chokwanira kusonyeza chimene chatayika. Sindinalembe kuti anasungulumwa.

Tadala akuyambira pati, ndipo akuchita chiyani kwenikweni?

Akuyambira pa mabatire, monga aliyense wodziwa ntchito. Wailesi inaleka mu Disembala, ndipo aChisale anaikulunga m'chitenje naiika pamwamba pa kabati mabatire ali momwemo. Tadala akuitsitsa pa holide ya Epulo. Atatsegula kachitseko ka mabatire akupeza awiri atafufuma ndi kuchucha, sipuling'i imodzi itachita dzimbiri lofiira, ndipo kachitsulo ka mbali ina katamera zobiriwira. Mabatire wamba otchipa aja akachucha amatulutsa madzi odya chitsulo, ndipo mankhwala ake ndi soda wa kukhitchini, wosungunula m'timadzi pang'ono n'kupaka ndi mswachi wakale. Mabatire okwera mtengo olembedwa Alkaline amasiya ufa woyera, ndipo amenewo amafuna viniga kapena madzi a ndimu. Mlembi asasokoneze ziwirizi. Tadala akutsuka ndi soda, akupala ndi sandipepala mpaka chitsulo chiwale, kenako akuyanika pa mthunzi tsiku lonse, chifukwa chinyezi m'kati mwa wailesi ndi mdani.

Mawa lake akugula mabatire anayi atsopano ndi ndalama yake ya mandasi. Lililonse ndi la mavolti 1.5, onse pamodzi mavolti 6. Akuwaika, akuyatsa. Palibe kanthu.

Malo amenewa ndi ofunika kuposa onse m'nthano. Mwana wagwira ntchito yooneka, wapeza vuto lenileni, walikonza, koma wailesi ikadali chete, chifukwa dzimbirilo linadza pambuyo, wailesi itafa kale. Apa ndi pamene munthu wosadekha amasiya. M'nthano yanga ndinalemba motere:

"Agogo anali pakhonde akusema mpini. Sanacheuke. 'Isiye, mkazi wanga,' anatero. 'Inatopa imeneyo.' Tadala anachotsa mabatire aja limodzi limodzi, nawakulunga m'pepala kuti asathe mphamvu. 'Ndiionanso mawa, agogo.'"

Tsiku lachitatu akutsegula kumbuyo. Asanagwire kanthu akujambula m'kope lake la sukulu mmene mawaya ayendera, wofiira kuchoka apa kupita apo, wakuda chimodzimodzi. Akuchotsa fumbi ndi zitosi za mphemvu ndi nthenga ya nkhuku. Akuyang'ana ngati pali waya wothothoka, ndipo akukoka uliwonse pang'ono kuti aone ngati wagwira. Kenako akuchita zimene aphunzitsi ake a sayansi anamuuza: akutenga batire limodzi ndi tiwaya tiwiri, nakhudzitsa pa timiyendo tiwiri ta sipika mwachangu. Sipika ikuti thi, thi. Ndiye kuti sipika ndi yamoyo. Uku n'kupambana kochepa, ndipo agogo pakhonde paja akuleka kusema kwa kamphindi.

Tsopano funso latsala limodzi: ngati mabatire ali bwino ndipo sipika ili bwino, mawu akuthera pati? M'mbali mwa wailesi muli kabowo ka mahedifoni. Tadala akubwereka mahedifoni a foni ya mchimwene wake, akulowetsa, akuyatsa, ndipo m'khutu limodzi akumva munthu akuwerenga nkhani. Wailesi inali yamoyo miyezi yonseyi, kungoti mawu ake sankafika ku sipika.

N'chifukwa chiyani kabowo kakang'ono kotero kangatseke wailesi yonse?

Chifukwa m'kati mwake muli swichi. Waya wopita ku sipika umadutsira pa tizitsulo tiwiri togundana m'kabowomo. Mukalowetsa mahedifoni, nsonga yake imakankha kachitsulo kamodzi, tiwirito n'kulekana, sipika n'kuduka kuti mawu apite m'khutu mokha. Mukazula, kachitsuloko kamayenera kubwerera pamalo pake. Kakakankhidwa kwa zaka zambiri kamafooka, kapena pakati pake pamalowa dzimbiri, ndiye sikagundanso. Wailesi imakhala ngati mahedifoni akadali momwemo.

Kukonza kwake n'kwa singano ndi kapepala. Tadala akuchotsa mabatire, akunyowetsa kapepala kolimba ndi sipiriti, akukadutsitsa pakati pa tizitsulo tija kangapo mpaka kaleke kutuluka kakuda, kenako akupinda kachitsulo kofookako pang'ono ndi singano. Pang'ono zedi, chifukwa chitsulo chakale chikapindidwa kwambiri chimathyoka.

Pa zovuta zonse zimene wailesi ingakhale nazo, munasankhiranji vuto limeneli?

Chifukwa vuto limeneli lili ndi mbiri ya banja m'kati mwake. Tadala sanaonepo agogo ake atavala mahedifoni. Akuwafunsa kuti kabowoka kanatha bwanji chonchi. AChisale akuyankha mwachidule kuti zaka zimene agogo aakazi ankadwala, tulo tinkawavuta, ndipo phokoso lililonse linkawadzutsa. AChisalewo ankamvera wailesi usiku ndi kachipangizo ka m'khutu kamene kanabwera ndi wailesiyo, atakhala pa mpando pafupi ndi mphasa ya wodwalayo, kulowetsa ndi kuzula usiku uliwonse.

Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene nthano yotere imapambana kapena kulephera. Vuto la wailesi lichokere m'moyo wa mwini wake. Lanu likhoza kukhala lina. Swichi ya voliyumu yotha chifukwa agogo akuyamba kugontha ndipo amakweza mpaka kumapeto, koma safuna kuvomera. Chogwirira chothyoka ndi waya wothothoka chifukwa wailesi inkamangidwa pa njinga popita kumsika. Mlembi akasankha vuto mwachisawawa, kukonza ndi mbiri ya agogo zimayenda padera, ndipo amakakamizika kuimitsa nthano kuti agogo akambe zakale kwa masamba awiri. Vuto likasankhidwa bwino, mwana amafukula mbiriyo ndi manja ake, ndipo agogo amangofunika ziganizo zitatu.

Kodi n'zomveka kuti mwana wa kumudzi akonze yekha, popanda zida?

Mpaka pamene ndafotokozapa, inde. Sikuludiraiva, soda, sandipepala, singano, sipiriti ndi batire zimapezeka. Ngakhale kuwotcherera waya wothothoka n'kotheka kopanda magetsi, potenthetsa chitsulo chowotcherera pa mbaula n'kusungunulira mtovu, monga amachitira okonza ena m'misika ya kumudzi.

Malire alipo, ndipo mlembi awalemekeze. Transista yopsa kapena kapasita youma sizioneka ndi maso nthawi zonse. Zimafuna mita yoyezera ndi munthu wodziwa kuiwerenga. Ngati nthano yanu ikufika kumeneko, lowetsani wokonza mawailesi wa pa msika, koma asalande ntchito. Apereke funso limodzi kapena abwereke chida, mwana abwerere kukachita yekha.

Pali zolakwa ziwiri zimene ndimaziona m'nthano, mlembi akuganiza kuti akuonetsa luso. Choyamba ndi mwana kumanga timasikuluwu tonse timene waona m'kati. Muli tizitini ting'onoting'ono ta makona anayi tokhala ndi sikuluwu yopaka utoto pamwamba. Timeneti tinatcheredwa ku fakitale, ndipo mukatipotokola wailesi imaleka kugwira masiteshoni, osabwereranso popanda zida za katswiri. Mwana wodekha satikhudza. Chachiwiri ndi kulumikiza wailesi ya mavolti 6 ku batire la sola kapena la galimoto la mavolti 12, kapena kusemphanitsa mawaya ake. Kumeneko n'kuipsereza. Zolakwa zimenezi zikhoza kulowa m'nthano ngati ngozi, mwina msuweni wopupuluma akufuna kuyesa ndipo Tadala akumuletsa. Ndipo ngati wailesi yanu ndi yolumikiza ku magetsi a m'nyumba, musalembe mwana akuitsegula pulagi ili pakhoma. Ana amawerenga nthano zathu ndipo amayesa zimene awerenga.

Ndingasonyeze bwanji kudekha popanda kutopetsa wowerenga?

Musalembe masitepe onse mofanana. M'nthano yanga kutsuka masipuling'i kwatenga ndime yathunthu, kuchotsa fumbi chiganizo chimodzi. Gawani ntchitoyo m'masiku, ndipo pakati pa masikuwo moyo upitirire: Tadala akatunge madzi, akathandize kukolola, amayi ake amukalipire kuti mbale ya timasikuluwu ija akuifuna. Kudekha kumaoneka pamene munthu wabwerera ku ntchito imene dzulo inamukana.

Ndiponso pakhale wina wofuna njira yachidule. Malume a Tadala akubwera kuchokera ku Lilongwe ndi kawailesi katsopano kotchaja pa dzuwa. Salakwa, akufunira bambo awo zabwino. AChisale akuthokoza ndi manja awiri, akukaika pawindo, koma sakukayatsa. Popanda malumewa wowerenga angafunse kuti bwanji osangogula ina, ndipo funso limenelo liyenera kuyankhidwa m'kati mwa nthano.

Agogo ndi mdzukulu azilankhulana bwanji?

Monga amalankhulirana kwathu. Pakati pa agogo ndi mdzukulu pali ufulu umene palibe pakati pa bambo ndi mwana. Agogo aamuna amatha kutchula mdzukulu wamkazi kuti "mkazi wanga" mwa nthabwala, ndipo mdzukulu amatha kuwaseka, koma sasiya kunena kuti "inu" ndi "agogo", ndipo popereka chinthu amagwada kapena kunyonyomala. Ufulu umenewu ndi umene ukulola Tadala kugwira wailesi imene ana awo enieni a aChisale sankaloledwa kuikhudza ali aang'ono. Amayi ake akunena zimenezo m'nthano, ndi kansanje pang'ono.

Chimene ndimakana ndi agogo olankhula miyambi pakamwa paliponse. Achikulire enieni amalankhula za fodya, za bondo lowawa, za mbuzi yolowa m'munda. Mwambi umodzi pamalo pake ndi wokwanira, ndipo nthano ikhoza kuyenda popanda ndi umodzi womwe.

Wailesi ilankhule pomaliza, kapena ikhalebe chete?

Ilankhule. Mwalonjeza wowerenga kuyambira pachiyambi, ndipo mwana wagwira ntchito yoona. Kumumana pamapeto pofuna kuoneka wozama n'kumulakwira. Koma samalani ndi chimene ikulankhula. Alembi ambiri amafuna kuti itangoyaka iimbe nyimbo imene agogo anavina pa ukwati wawo. Wailesi sisankha. Ya aChisale itayaka inali pakati pa kulengeza za nyengo, kuti kumadera a mapiri kuzizira. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anauza Tadala kuti atsitse voliyumu, mabatire ndi odula. Madzulo ake anamuitana namuonetsa pamene muvi umayenera kuima kuti siteshoni imveke bwino, chinthu chimene sanaphunzitsepo munthu. Nthano inathera pamenepo, popanda wina kulira kapena kufotokoza phunziro.

Mawu ake asamveke ngati a wailesi yatsopano. Voliyumu izithethekabe pang'ono, eriyo ikhalebe yomangidwa ndi waya. Mwana wakonza chimene chinaitseka pakamwa, sanaibweze ku sitolo.

Nthano yotere italike bwanji, ndipo ndiyambire pati?

Mawu 1,500 mpaka 2,500 ndi okwanira. Anthu asapitirire anayi, malo akhale amodzi, masiku akhale ochepa. Yambani pa tsiku limene mwana akutsitsa wailesi pa kabati, osati pa tsiku limene agogo anabadwa. Za ku Joni, za agogo aakazi ndi za maliro amene anawaphonya zilowe pang'onopang'ono pamene ntchito ikuyenda.

Musanalembe, pezani wailesi yakale kwa achibale, muchotse mabatire, muitsegule kumbuyo ndi kuyang'ana m'kati kwa ola limodzi, kope lili pambali. Mununkhize, muone mtundu wa dzimbiri, muwerenge timasikuluwu. Mukatero pitani kwa wokonza mawailesi pa msika wa kwanu, mumupemphe kukhala pambali pake m'mawa umodzi, ndipo mumufunse kuti wailesi ikabwera ili chete amayamba kuyang'ana chiyani. Mukamaliza kulemba, muwerengereni nthanoyo iyeyo poyamba musanaitumize kwa mkonzi.